Madzi a mumzere amathera kuti?

"Abale, ndili ndi kadimba ka tomato ndi mpiru kuseri kwa nyumba kuno ku Chilomoni. Ndimathirira pongotsegulira madzi m'mizere, koma bilu ikundipweteka. Kodi mthirira wodontheza uja umapulumutsadi madzi?"

Eya mayi, umapulumutsa ndithu. Mukamadzaza mzere, madzi amayamba akhalitsa kumtunda asanafike kumapeto. Pamene mbewu yomaliza izilawako, kumtunda kuja madzi alowa pansi kupitirira mizu, ndipo mizu yambiri ya masamba imathera pa masentimita 30 kapena 40. Madzi amenewo apita, atenganso feteleza wanu. Ena amauma ndi dzuwa chifukwa mwanyowetsa nthaka yonse, ena amamwetsa udzu. Malo ambiri mu Blantyre muno ndi otsetsereka, ndiye enanso amangothamangira kumunsi. Pamapeto pake mbewu imamwa mwina theka lokha. Payipi yodontheza imapereka madzi patsinde pang'onopang'ono, nthaka n'kumawamwa bwino, moti pa malita 10 alionse mbewu imapeza pafupifupi 9.

Titengere bedi lotalika mamita 10, m'lifupi mita imodzi. Mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, masamba okula amafuna malita pafupifupi 50 patsiku pabedi limeneli. Kuti apeze 50 amenewo kudzera mumzere, muyenera kuthira 100, zomwe ndi ndowa zisanu za malita 20. Modontheza ndowa zitatu zakwana. Pa mabedi anayi mwasunga ndowa zisanu ndi zitatu tsiku lililonse.

Sizilira pampu. Kwezani ndowa kapena mgolo pathandala lotalika mita imodzi kapena kuposerako, ikani sefa potulukira madzi, kenako yalani mapayipi awiri pabedi, timabowo totalikirana masentimita 30 titayang'ana kumwamba. Mabedi adule mtsetse, asautsatire, apo ayi mbewu zakumunsi zimira pamene zakumtunda zikufota. Thirirani m'mawa ndi madzulo, muphimbire ndi udzu wouma.

Koma chomwe chimagwetsa anthu ambiri mphwayi ndi kutsekeka kwa timabowo, makamaka ndi madzi a pachitsime kapena a mumtsinje. Ikani kapu pansi pa bowo loyamba, ina pa lomaliza, mudikire mphindi khumi. Ngati yomaliza ili ndi madzi ochepa kwambiri, tsukani sefa, tsegulani kumapeto kwa payipi matope atuluke. Muziteronso sabata iliyonse. Mukaona malo onyowa kwambiri, fufuzani, makoswe amaluma mapayipi.

Chonde musanyengedwe ndi pamwamba pooneka pouma n'kuyamba kuonjezera ndi keni, mukatero mwabwerera komwe mwachokera. Kumbani pambali pa tsinde kuzama ngati chikhatho, mufumbate dothi. Likaumbika osadontha madzi, zili bwino. Likayoyoka, onjezerani ndowa imodzi. Pa nazale pokha pitirizani ndi keni, chifukwa timbewu tongomera kumene tilibe mizu yofika pomwe dontho lagwera.