Kulondola njira ya magazi pamayeso a mtima

Funso: "Ndili m'chaka choyamba cha maphunziro a unamwino. Chithunzi cha mtima ndinachiloweza chonse, koma akati ndilondole magazi kuchokera ku chiwalo china kukafika ku china, mutu umaima, malikisi n'kupita. Ndizitani?"

Chithunzicho chiikeni kaye pambali, mugwire lamulo ili: nthawi zambiri magazi ochoka m'chiwalo china safika ku chiwalo chinzake asanadutse mumtima kawiri. Amayamba alowa mbali ya kumanja, n'kupita kumapapo kukatenga okosijeni, kenako amabwerera mbali ya kumanzere, ndipo ndi kumeneko kumene amatumizidwa m'thupi lonse. Pakati pa mbali ziwirizi pali khoma lotchedwa seputamu, choncho mwa munthu wamkulu wabwinobwino palibe njira yachidule.

Tiyeni tiyese ndi funso limene aphunzitsi amalikonda: shuga wayamwidwa m'matumbo aang'ono, wadutsa kuti kuti akafike ku impso?

Msampha uli poyambira pomwe. Magazi a m'matumbo sathamangira kumtima ngati a m'mwendo kapena a m'dzanja. Amayamba adzera m'chiwindi, kudzera mu mtsempha wa hepatiki poto veni. Akachoka m'chiwindi kudzera mu hepatiki veni, amalowa mu vena kava ya m'munsi, imene imawatsanulira mu atiriyamu ya kumanja. Kuchoka apo amadutsa pa valavu ya tirayikasipidi kulowa mu ventiriko ya kumanja, imene imawakankhira kumapapo kudzera mu palimonale atale. Amabwerako kudzera mu palimonale veni n'kulowa mu atiriyamu ya kumanzere, kudutsa pa valavu ya bayikasipidi (mabuku ena amati mayitiro, ndi imodzi yomweyo) mpaka mu ventiriko ya kumanzere. Ikafinya, magazi amatulukira mu ayota, ndipo nthambi yake ya rino atale imawafikitsa ku impso. Pamayeso mayinawa muwalembe mmene alembedwera m'buku lanu.

Mukamaliza kulemba, werengani zipinda. Zikhalepo zinayi, ndipo mapapo akhale pakati, zipinda ziwiri kumbuyo kwake, ziwiri kutsogolo. Ngati yankho lanu lachoka mu ventiriko ya kumanja n'kulowa mu ayota, dziwani kuti mwadumpha mapapo. Ngati funsolo lanena kuti mutchulenso mavalavu, musaiwale awiri a pakhomo potulukira: wa palimonale ndi wa ayota.

Ambiri amagwa pa mitsempha ya mapapo, ndipo cholakwa chimachokera kusekondale, kumene ena analoweza kuti atale ndi mtsempha wa magazi okhala ndi okosijeni wambiri. Ayi ndithu. Atale ndi mtsempha wochotsa magazi mumtima, veni ndi wobweretsa magazi kumtima, basi. N'chifukwa chake palimonale atale imanyamula magazi osowa okosijeni, pamene palimonale veni imanyamula odzaza naye. Mukakayika, dzifunseni kuti magaziwo akulowera kuti. Zoti ali ndi okosijeni wochuluka bwanji zibwere pambuyo.

Funso lina losasowa ndi lakuti n'chifukwa chiyani khoma la ventiriko ya kumanzere ndi lochindikala kuposa la kumanja. Apa yankho loti "imapopa magazi ambiri" ndi lolakwika, ngakhale limamveka ngati lanzeru. Maventiriko onse awiri amatulutsa magazi ofanana, pafupifupi mamililita 70 mtima ukagunda kamodzi, kapena kuti malita 5 pa mphindi munthu akamapuma. Ya kumanja ikanati izipopa ochuluka kuposa inzake, magazi akanadzazana m'mapapo posakhalitsa. Kusiyana kuli pa mphamvu yokankhira. Ya kumanja imangokankhira kumapapo, amene ali pafupi ndipo mitsempha yake siilimbana kwambiri ndi magazi, choncho mphamvu yake imafika cha m'ma 25 mmHg. Ya kumanzere imakankhira kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi, ndipo imafika cha m'ma 120 mmHg. Zili ngati pampu yopalasa ya kudimba: madzi omwewo, koma kuwakweza kumtunda kumafuna mwendo wamphamvu kusiyana ndi kuthirira bedi la pafupi ndi chitsime.

Kuchindikala komweku kukuthandizeni pa chithunzi chopanda mayina. Mtima amaujambula ngati wa wodwala amene wayang'anizana nanu, ndiye mbali yake ya kumanzere imakhala kudzanja lanu lamanja. Musadalire dzanja lokha, poti wolemba mayeso atha kutembenuza chithunzi. Pezani chipinda cha m'munsi cha khoma lochindikala kwambiri, mulembepo kuti ventiriko ya kumanzere. Mtsempha wotuluka m'menemo ndi ayota, ndipo chipinda cha pamwamba pake ndi chimene chimalandira magazi ochokera kumapapo.

Poyeserera, tsekani buku, musankhe ziwalo ziwiri, monga impso ndi ubongo, kapena mwendo ndi chiwindi, mulembe njira yake ndi mivi papepala loyera, kenako mupatse mnzanu achonge ndi buku lotsegula.