Dayale, kalendala ya pafoni kapena kope: pamene data ndi batire zili zopereŵera

Mayi wina wandilembera motere: "Ndine telala komanso mlembi wa banki m'khonde ya kwathu. Kunyumba kulibe magetsi, foni ndimakatchajitsa kumsika, ndipo bandulo ndimagula mwa apo ndi apo. Masiku opereka zovala kwa eniake, masiku obweza ngongole ndi tsiku la sikelo ya mwana zayamba kundisokonekera. Kodi ndigule dayale, ndizigwiritsa ntchito kalendala ya pafoni, kapena kope wamba likwanira?"

Mayi, malangizo anga ndi akuti mugule kope la chikuto cholimba, lija timati hadikava, ndipo likhale mwini wake wa masiku anu onse. Foni muipatse ntchito imodzi yokha, yolira pa zinthu zochepa zimene zili ndi ola lake. Dayale musavutike nayo chaka chino. Koma ndiyenera kuyamba ndi foni, chifukwa pamenepo ndi pamene anthu ambiri amaopa chinthu chosayenera kuopedwa n'kusiya chimene chimawagwetsadi.

Kalendala ya pafoni sifuna data kuti igwire ntchito. Mukalemba tsiku mu Google Calendar kapena mu kalendala imene inabwera ndi foni yanu, zolembazo zimasungidwa m'foni momwemo, ndipo chikumbutso chimatsata wotchi ya foniyo, osati netiweki. Data imafunika pokhapokha foni ikamatumiza zolembazo ku akaunti yanu ya Google kuti zikasungidwenso kumeneko, ndipo popeza ndi mawu okhaokha opanda zithunzi, zimatenga data yochepa kwambiri. Chimene chimamaliza bandulo ndi mavidiyo a pa WhatsApp, zithunzi zimene foni imadzitumizira yokha kukasungidwa, ndi mapulogalamu amene amadzikonzanso kudzera mu Play Store. Choncho kusoŵa kwa bandulo si chifukwa chokanira kalendala ya pafoni.

Vuto lenileni ndi batire, ndipo limabwera m'njira ziŵiri. Yoyamba ndi yoonekeratu: foni ikazima, kapena ikakhala kwa wotchajitsa kumsika kuyambira m'maŵa mpaka madzulo, palibe chimene chingakukumbutseni, ndiponso simungatsegule kuti muone tsiku limene munalonjeza kasitomala amene waima pakhomo panu. Yachiŵiri ndi yobisika, ndipo ndiyo imandidetsa nkhaŵa kwa munthu ngati inu. Kuyambira pa Android 6.0, imene inatuluka mu 2015, foni ikakhala nthaŵi yaitali osakhudzidwa imagoneka mapulogalamu ambiri kuti isunge moto, ndipo opanga mafoni ena amaonjezera njira zawozawo zotsekera mapulogalamu mwamphamvu kuposa pamenepo. Munthu amene akusunga moto amayatsanso `Battery Saver`, kapena njira ija yosiya foni ikungoimba ndi kulandira mauthenga basi. Zotsatira zake n'zakuti chikumbutso cha kalendala chikhoza kufika mochedwa kapena osafika n'komwe, foni ili chiyakire m'thumba, inu mukukhulupirira kuti ilira. Mapulogalamu amene amati amatsuka foni kuti izithamanga nawonso amachita zomwezo akatseka kalendala mokakamiza.

Izi mungaziyeze nokha osawononga data. Lembani chinthu chongoyesera mu kalendala, chikumbutso chake chikhale patatha ola limodzi, kenako yatsani `Airplane mode` ndi `Battery Saver`, muzimitse sikirini, muiike foni pansi osaikhudzanso. Ikalira pa nthaŵi yake, kalendala yanu ndi yodalirika malinga ngati foni ili ndi moto. Ikapanda kulira, kapena chikumbutso chikangotulukira pamene mwaitsegula, pitani ku `Settings`, kenako `Apps`, musankhe `Calendar`, mupeze `Battery`, n'kusankha `Unrestricted`. Pa mafoni akale mawu ake ndi `Don't optimize`, ndipo malo ake amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni. Muonenso kuti `Notifications` za kalendala n'zololedwa, kenako muyezenso kachiŵiri.

Alamu ya mu `Clock` ndi yamphamvu kuposa chikumbutso cha kalendala, chifukwa Android imaidzutsa ngakhale foni itagoneka mapulogalamu ena, ndipo imalira mokweza, pamene chikumbutso nthaŵi zambiri chimangolira kamodzi n'kukhala chete. Kufooka kwake n'kwakuti pa mafoni ena imadziŵa ola ndi tsiku la sabata chabe, osati tsiku la mwezi wa maŵa. N'chifukwa chake imayenerana bwino ndi msonkhano wa banki m'khonde umene umachitika Lachinayi lililonse, koma pa mafoni otere siingakusungireni tsiku la ngongole imene idzakhwime pakatha masabata anayi. Ngati muli ndi kafoni ka mabatani, kamene kamakhala masiku angapo osatchaja, ikani alamu mmenemo, kungoti muzionetsetsa tsiku ndi nthaŵi mukachotsamo batire, popeza tina timabwerera kumbuyo.

Tsopano dayale. Ubwino wake ndi woti masiku analembedwa kale, ndipo kwa munthu wa mu ofesi amene amakumana ndi anthu pa maola osiyanasiyana tsiku lililonse, palibe chimene chimaiposa. Koma dayale imagaŵa malo mofanana ku masiku onse, pamene ntchito ya telala siyenda choncho. Sabata ya ukwati kapena yotsegulira sukulu miyezo ya makasitomala imasefukira pa tsamba, kenako pamabwera masiku ambiri opanda cholemba amene munawalipira kale. Imathanso ntchito pa 31 Disembala, pamene ngongole za gulu ndi zovala zosatengedwa zimawoloka chaka. Palinso madayale osindikizidwa kunja amene amaonetsa maholide a maiko ena, osaonetsa 15 Januwale, 3 Malichi, 14 Meyi kapena 6 Julayi. Wina akakupatsani dayale yaulere ilandireni, koma ndalama yanu ipite ku kope.

Kope lili ndi vuto limodzi lalikulu, lakuti silidziŵa za maŵa. Munthu amalemba motsatira tsiku limene wamva nkhaniyo, ndiye lonjezo la mwezi wa maŵa limakwiririka pansi pa masamba ena. Mankhwala ake ndi kupatula masamba 24 oyambirira, aŵiriaŵiri oyang'anizana pa mwezi uliwonse. Pamwamba lembani dzina la mwezi, kumanzere mutsitse masiku 1 mpaka 15, mzere umodzi tsiku limodzi, kumanja 16 mpaka kutha kwa mwezi, ndipo pambali pa nambala iliyonse muike chidule cha tsiku la sabata. Musayembekezere Januwale; yambirani mwezi umene muli. Masamba onse otsala muwapatse manambala pakona, ndipo amenewo ndi olembamo za tsiku ndi tsiku motsatana, tsiku lotanganidwa litenge masamba aŵiri, tsiku lopanda kanthu lisatenge ngakhale mzere.

Tiyerekeze kuti lero ndi Lachinayi pa 5 Malichi. M'maŵa kasitomala wabweretsa chitenje kuti mumusokere diresi la ukwati umene udzachitike Loŵeruka pa 21 Malichi. Pa tsamba la lero, tinene kuti ndi tsamba 31, mukulemba dzina lake, miyezo, mtengo umene mwagwirizana ndi ndalama imene waperekeratu. Musanatseke kope mukutembenukira ku masamba a Malichi, ndipo pa mzere wa 19 mukulemba mwachidule kuti diresi litengedwa, onani tsamba 31. Taonani kuti sindinati pa 21. Tsiku loyenera kulemba ndi limene inu muyenera kuchitapo kanthu, ndiye muonjezerenso pa mzere wa 16 kuti tsiku limenelo ndi lodula nsalu, komanso pa 18 kuti mwini wake adzayese. Masana ku gulu mayi wina watenga ngongole ya masabata anayi. Masiku 28 kuchokera pa 5 Malichi akufika pa 2 Epulo, limenenso ndi Lachinayi, choncho mukulemba pa mzere wa 2 Epulo, ndipo pa 26 Malichi, msonkhano wotsogolera tsikulo, mukulemba kuti mudzamukumbutse. Tsiku la sikelo likopereni kuchokera m'buku la kuchipatala la mwana tsiku lomwelo limene alangizi a zaumoyo alilemba.

Mwa zonsezi, zoloŵa m'foni ndi ziŵiri zokha. Choyamba ndi alamu ya Lachinayi lililonse, ola limodzi msonkhano usanayambe. Chachiŵiri ndi tsiku la sikelo, limene mungaliike mu kalendala ndi chikumbutso cha madzulo a dzulo lake, osati cha mphindi zochepa nthaŵi isanakwane, popeza ulendo wa kuchipatala umafuna kukonzekera. Ndingaonjezerepo alamu imodzi ya tsiku ndi tsiku, pa ola limene mumatseka makina, yongokuuzani kuti mutsegule kope muone mizere itatu yotsatira. Kope silingakuitaneni, ndipo alamu imeneyi ndiyo imatseka mpata umenewo. Tsiku limene foni yazima, chizoloŵezi chotsegula kope potseka makina chimagwirabe ntchito chokha.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musalole malo aŵiri kukhala ndi ulamuliro wofanana. Kasitomala akaimba foni kuti ukwati wasunthidwa, n'zosavuta kusintha pafoni pomwepo n'kuiŵala kope, ndipo pakapita sabata simudziŵanso kuti choona ndi chiti. Sinthani m'kope poyamba nthaŵi zonse, ndipo tsiku lakale mulidule ndi mzere umodzi woti lizioneka, osalifufuta, kuti pakabuka kusamvana mukhale ndi poloza. Chizindikiro choti dongosolo layamba kugwa ndi pamene mwapeza lonjezo pa tsamba la tsiku limene mulibe m'masamba a mwezi. Mukaona zimenezi, khalani pansi Lamulungu madzulo muŵerenge masamba a sabata yonse, n'kusamutsa chilichonse chimene chili ndi tsiku la mtsogolo.

Pa nkhani ya kutayika, kalendala imene imatumiza ku akaunti ya Google imapambana pepala, chifukwa foni ikabedwa zolemba zimabwerera mukaloŵa mu akauntiyo pa foni ina. Izi zimatheka pokhapokha ngati polemba munasankha akauntiyo osati kusunga m'foni mokha, ngati foni inapezako data pambuyo pake, ndiponso ngati mukukumbukira pasiwedi yanu. Kope nalo limaopa mvula ndi chiswe, choncho muzilisunga m'pepala la pulasitiki ndipo muzilemba ndi bolopeni wamba kapena pensulo, popeza inki ya madzimadzi imafalikira ikanyowa. Tsiku limene foni yabwera kuchokera kotchajitsa, jambulani masamba a mwezi uno ndi wa maŵa. Kujambula pakokha sikudya data, ndipo kope likasoŵa mudzakhala ndi poyambira.

Monga mlembi, musasakanize kope limeneli ndi buku la gulu. Masheya, chiwongoladzanja ndi ndalama zimene aliyense wakongola zikhale m'buku la gulu, limene limasungidwa mmene malamulo a gulu lanu amanenera. M'kope lanu mulembe tsiku ndi dzina lofupikitsa basi, chifukwa kope la telala limakhala pamakina pamene makasitomala ndi ana amalitsegula, ndipo ngongole ya mnzanu si yoti aliyense aiŵerenge.