Chifukwa chake Panado amatha msanga pomwe mnzake akuchita fumbi pashelefu

"Ndili ndi kasitolo ka mankhwala pamalo ochitira malonda kwathu kuno. Ndimagulitsa Panado komanso parasetamolo wina wotchipa, mankhwala ake ndi amodzi, mlingo wake ndi umodzi. Koma anthu amalolera kulipira kawiri kuti atenge Panado, ndikawauza kuti n'chimodzimodzi amandiyang'ana ngati ndikufuna kuwabera. Kodi akugula chiyani kwenikweni?"

Mayi, zikomo pondilembera. Choyamba ndikulimbitseni mtima kuti zimene mumawauzazo n'zoona. Ngati mapaketi onse awiri ali ovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo onse alembedwa parasetamolo wa mamiligalamu 500, ntchito yake m'thupi ndi imodzi. Koma makasitomala anuwo musawaone ngati opusa. Ndalama yapamwambayo akugulira chinthu chenicheni, chimene ndi kuchotsa chikaiko.

Taganizani mmene munthu amagulira tomato. Amamunyamula, kumutembenuza, kumutsina pang'ono, ndipo adziwa yekha ngati ali wabwino. Dzina la mlimi alibe nalo ntchito. Piritsi ndi losiyana. Ndi loyera, laling'ono, lopanda fungo, ndipo ngakhale mutalimwa mutu n'kusiya, simungatsimikize ngati wasiya chifukwa cha piritsilo kapena unali woti usiya kale. Tsiku lina ndinaima pamzere m'sitolo ngati yanuyo, kutsogolo kwanga kuli bambo wina atavala jombo zamatope, mkazi wake akuti wagona kunyumba thupi latentha. Wogulitsa anamuonetsa mapaketi awiri. Bamboyo anatenga lotchipalo, kulitembenuza uku ndi uku, kuyesa kuwerenga timalemba tating'onoting'ono, kenaka n'kulibweza mwaulemu: "Ndipatseni yomwe ija basi." Anawerenga ndalama zake kawiri ndipo zinangokwanira. Munthu ameneyu analibe njira yoyesera zimene zili m'piritsilo, koma anali ndi zaka zambiri zokumbukira kuti dzina lija amayi ake ankamupatsa ndipo silinamukhumudwitsepo. Usiku wa wodwala si nthawi yoyesera zachilendo.

Izi n'zimene akatswiri a zamalonda amazitcha mphamvu ya dzina: phindu limene katundu amapeza chifukwa cha dzina lokha, kuposa mmene akanapezera katundu yemweyo atakhala wopanda dzinalo. Umboni woti gwero lake ndi chikaiko unaoneka bwino m'kafukufuku wina wa ku Amereka amene anatuluka mu 2015, wa Bart Bronnenberg ndi anzake atatu. Iwo anaona zimene mabanja ankagula m'masitolo, n'kufufuzanso ntchito imene ogulawo amagwira. Anthu wamba pogula mankhwala a mutu ankasankha a dzina lodziwika, monga asipirini wa Bayer, maulendo 26 pa 100 alionse. Akatswiri a zamankhwala, amene amadziwa zili m'kati, ankatero maulendo 9 okha pa 100. Inuyo, Mayi, muli m'gulu lachiwirili, n'chifukwa chake mtengowo ukukuonekerani wopanda mutu.

Pali china chimene chimandidabwitsa mpaka lero, ndipo ndi chimene chimapangitsa kuti kukangana ndi kasitomala kukhale kovuta. Mu 1981, Branthwaite ndi Cooper ku Ingalande anapereka mapiritsi kwa amayi 835 amene ankadwala mutu kawirikawiri. Ena analandira asipirini weniweni, ena mapiritsi opanda mankhwala alionse, ndipo m'magulu onsewo ena anali m'paketi ya dzina lodziwika, ena m'paketi wamba. Asipirini weniweni anaposa piritsi lopanda kanthu, monga tingayembekezere. Koma m'magulu onse awiri, amene anaona dzina lodziwika ananena kuti ululu unachepa kwambiri kuposa anzawo. Ndiye gogo akakuuzani kuti "zinazi sizindigwira," mwina sakunama ayi. Ululu umamveka mogwirizana ndi zimene munthu akuyembekezera. Malire ake ndi akuti chikhulupiriro chimenechi chimakhudza mmene munthu akumvera basi, sichipha tizilombo ta malungo.

Tsopano tiyeni tione m'kaundula wanu, pakuti mphamvu imeneyi mungaiyeze nokha. Manambala awa ndi ongoyerekezera, muikepo anu enieni. Tinene kuti pamwezi mumagulitsa timapaketi 300 ta dzina lodziwika pa K1,000 kamodzi, pomwe wotchipayo amayenda timapaketi 60 pa K500. Woyamba wabweretsa K300,000, wachiwiri K30,000. Kusiyana kwa K270,000 kumeneko n'kumene dzina lachita m'sitolo mwanu mokha, ndipo onani kuti lagwira ntchito kawiri: lakweza mtengo, lachulukitsanso ogula. Kenaka yang'anani mtengo wopikulira. Ngati wodziwikayo mumapikula K850 ndipo winayo K300, ndiye kuti pa kapaketi kodula mumatsala ndi K150, pa kotchipa K200. Kawirikawiri zimakhala chonchi. Ndalama yapamwamba imene kasitomala walipira imangodutsa m'manja mwanu kupita kwa mwini dzina, chifukwa iye akudziwa kuti simungayerekeze kutsegula sitolo popanda katundu wake. Inu chimene mumapindula n'chakuti katunduyo amatha msanga, ndalama sizigona pashelefu.

Muyeso wachiwiri ndi wa tsiku limene Panado wakutherani. Lembani kumapeto kwa kaundula anthu amene amufunsa, ndipo muike chizindikiro pa aliyense amene watuluka chimanjamanja kukayang'ana kwina. Ngati pa anthu khumi atuluka asanu ndi awiri, dzinalo lagwiradi mitima. Ngati ambiri angoti "chabwino, ndipatseni omwe alipowo," ndiye kuti chimene munkachiona ngati kukhulupirika chinali chizolowezi cha pakamwa chabe. Pajatu kwathu kuno "panado" wasanduka dzina la piritsi lililonse la mutu, monga mmene mankhwala onse otsukira mano timawatchulira kuti kolugeti. Anthu ena akamati panado sakutanthauza kampani iliyonse, ndipo inu mukawapatsa wodulayo musanafunse mumakhala mwawasankhira.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhale tcheru, chifukwa nkhaniyi ingathe kuvulaza munthu. Amene amakhulupirira kuti mapaketi awiriwa ndi mankhwala osiyana angathe kumwa onse, awiri a uku awiri a uku, poganiza kuti akuonjezera mphamvu. Munthu wamkulu sayenera kupyola magalamu 4 a parasetamolo pa maola 24, amene ndi mapiritsi 8 a mamiligalamu 500, ndipo kupyola pamenepo kumaononga chiwindi. Choncho kuwauza kuti n'chimodzimodzi musasiye, ngakhale akuyang'aneni ndi diso lokaika.

Koma sinthani kauzidwe kake. Mawu akuti "tengani uyu ngwotchipa" amamveka ngati mukufuna kutaya katundu wokanika. Ikani mapaketi onse awiri pakauntala, mulozeni ndi chala mzere wa dzina la mankhwala ndi nambala 500 pa lililonse, mumuonetsenso tsiku lothera ntchito, kenaka mumusiye asankhe yekha osamukakamiza. Ngati kunyumba kwanu mumamwa wotchipayo, nenani, pakuti pamenepo mwabwereketsa dzina lanu kwa katundu wopanda dzina. Ndipo popeza dzina lanulo ndi limene likhale chikole, wotchipayo muzipikula kwa ogulitsa ovomerezeka okha, ndipo yesetsani kuti akhale wa kampani imodzi yomweyo mwezi ndi mwezi. Mukamasintha paketi ulendo uliwonse, lero yobiriwira mawa yofiira, kasitomala amene munamukopa mwezi watha adzayambiranso kukaika, ndipo adzabwerera ku dzina limene akulidziwa.