Nthabwala ya Chingerezi ikakana kulowa m'Chinyanja

"Abale, ndapatsidwa ulaliki wa mlendo kuti ndiumasulire, koma muli nthabwala yoseweretsa mawu a Chingerezi. Ndimasulire mmene ilili kapena ndipeke yanga?"

Achimwene, pekani yanu, ndipo musalole munthu amene sadzaima nawo kutsogoloko akulamuleni. Ine zinandionekera pa Pasaka ku Ulongwe, kuno ku Mozambique. Mlendo anatumiziratu ulaliki wake, ndipo mutu wake unatsamira pa mawu awiri amene m'Chingerezi onse amamveka ngati "sani", lina ndi dzuwa, lina ndi mwana wamwamuna. Kwathu dzuwa ndi mwana n'zotalikirana. Ndiye ndinasamutsa seweroli kulichotsa pa dzina kuliika pa mneni: "Dzuwa latuluka m'mawa, Mwana watuluka m'manda." Mukumva m'mawa ndi m'manda mmene zikuyankhirana? Tanthauzo lonse lilimo.

Mkulu wina wa mpingo anakaniratu. Akuti ndikuwonjezera mawu a mtumiki, ndinene zimene wanena basi. Tsikulo mlendo anaponya mawu ake aja, n'kuima akumwetulira, kudikira kuti anthu asangalale. Ine ndagwira maikolofoni, thukuta kamukamu, ndikuti, "Akuti Mwana wauka, komanso dzuwa latuluka, pakuti m'Chingerezi mawuwa amamveka mofanana." Tchalitchi chonse zii. Kumbuyo mwana akulira, mlendo akundiyang'ana ngati ndamubera mawu. Potuluka agogo ena anandigwira dzanja n'kufunsa, "Mwanawe, ndiye akuti Yesu ndi dzuwa?" Mkulu uja, amene anandikakamiza, ndi yemwenso anauza anthu kuti womasulira ndi wosadziwa ntchito. Mpaka lero zimandiwawa!

Mkuluyo anaiwala kuti kuno si ku Dedza. Kutsidya kuja wina wa ku sekondale akhoza kuigwira nthabwalayo isanamasuliridwe. Ife tinaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo m'menemonso dzuwa ndi mwana sizifanana ngakhale pang'ono, choncho palibe chowathandiza omvera kupatula pakamwa panu.

Muyeso wanga ndi uwu. Chotsani nthabwalayo, muwerenge ziganizo zotsatira. Ngati zikuyenda bwinobwino, ntchito yake inali kudzutsa anthu basi, ikani yanu. Tili nawo mawu apawiri: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kulemera kwa katundu ndi kulemera kwa chuma. Ngati mukufunika chiganizo china chofotokozera chifukwa chake n'zoseketsa, yafa kale imeneyo.

Komabe si zonse zosintha. Pa Mateyu 16:18 dzina la Petro ndi mawu oti thanthwe zimafanana m'Chigiriki, m'Chipwitikizinso zimatero, kwathu ayi. Pamenepo simungamupatse Petro dzina lina, mumangofotokoza kuti dzinalo limatanthauza mwala, chifukwa chiphunzitso chagona pomwepo. Ndipo musasinthe mobisa. Mufunseni mlendoyo ulaliki usanayambe, mumuuze zimene mudzanene. Akakana, nenani tanthauzo lokha mopitirira, osaima kufotokoza za Chingerezi, ndipo mumuchenjezeretu kuti asadikire kuseka.