Za chitseko cha chipinda chozizira: swichi imatha kunama

"Anzanga ndithandizeni. Ndili ndi kachipinda kozizira kosungira chambo ndi kampango kuno ku Mangochi. Anyamata amasiya chitseko chotsegula, ine ndimadziwa mawa lake. Ndigule chiyani choti chizindiuza pa foni? Komanso kompuresa yanga ikulira kwambiri, vuto ndi chiyani?"

Achemwali, ine ndiyankha za chitsekozo. Amene akuti ikani kamera aja ndawawerenga, koma kamera imafuna munthu woiyang'ana, ndipo 2 koloko usiku inu mumakhala muli m'tulo. Mawa lake idzangokuonetsani bwinobwino mmene nsomba zanu zinaonongekera.

Chimene chimagwira ntchito ndi kaswichi ka maginito, kamene amaika pa mawindo poopa akuba. Pogula mufunse MC-38. Kali ndi mbali ziwiri: ya maginito imakhala pa chitseko, ya mawaya imakhala pa felemu. Zikayandikana ndiye kuti chatsekedwa, zikatalikirana chatsegulidwa. Mawayawo amapita ku kabodi kotchedwa ESP32, ndipo kabodiko kamalamula kachipangizo kolowa simukhadi, SIM800L, kuti kakuimbireni. Zitatuzi pamodzi ndi batire ndi kabokosi, poitanitsa kunja sizipitirira kwenikweni madola 25 kapena 30. M'makwacha muwerengere nokha tsiku logulalo, muonjezerepo zonyamulira ndi za mnyamata wolumikiza.

Tsono mvetserani pamene ine ndinapsa. Ndinamangira alamu anga dongosolo lomweli, ndipo kwa miyezi ingapo tinkangodzitama. Usiku wina mu Novembala, kutentha kwa kuno mukukudziwa, mnyamata anatulutsa makileti omaliza n'kukankha chitseko ndi phazi. Limodzi la malamba a pulasitiki olendewera pakhomo aja linapindika n'kupanikizika pakati, loko sanagwire, panatsala mpata woti chala n'kulowa. Foni sinalire. M'mawa tinapeza madzi pansi, ayezi wa m'makileti apafupi ndi khomo atasungunuka, makina oziziritsira mkatimo ataundana ayezi ngati chulu. Chambo cha pamwamba maso anali atayera, ukadina ndi chala dzenje osabwerera. Tinachigulitsa motaya kwa amayi owamba nsomba, ndipo alamu anga anatha sabata osandiyankhula bwino.

Wolakwa ndinali ine, pa zinthu ziwiri. Tiswichi timeneti timapitiriza kunena kuti "chatsekedwa" ngakhale maginito atatalikira sentimita imodzi ndi theka kapena kuposerapo, chifukwa anatipangira mawindo a m'nyumba, kumene mpata wa chala si nkhani. Kuonjezera apo ndinali nditakaika pamwamba chakufupi ndi mahinjesi, poti ndi kumene waya ankafika mosavuta. Taganizani: chitseko cha masentimita 90 m'lifupi chikatseguka sentimita imodzi ndi theka kumbali ya chogwirira, pamalo otalika masentimita 10 kuchokera ku mahinjesi chimangosuntha mamilimita osakwana awiri. Swichi singamve zimenezo.

Ndiye wolumikizayo mumuuze aike swichi kumbali ya chogwirira, pakona ya pamwamba, kunja kwa chipinda chifukwa mkati chinyezi chimadya mawaya. Asagundanitse mbali ziwirizo. Chitseko chili chokhoma, azisuntha maginito pang'onopang'ono kutalikira mpaka swichi itatsala pang'ono kusiya, abwererenso pang'ono, amange pamenepo. Ngati felemu ndi yachitsulo aikepo kathabwa kapena kapulasitiki pansi pake, chitsulo chimasokoneza maginito. Musamulipire musanayese nokha: panikizani pensulo pakati pa chitseko ndi felemu kumbali ya loko, mukankhe. Makina akanena kuti chatsekedwa, ntchito sinathe. Muyesenso kukhoma kakhumi motsatizana, isaname n'kamodzi komwe kuti chatseguka.

Foni isalire chitseko chikangotseguka. Tsiku lotsitsa nsomba chimatsegulidwa kambirimbiri, pofika Lachitatu mudzakhala mutatopa n'kuyamba kunyalanyaza. Ife tinaika chonchi: pakatha mphindi ziwiri kabelu ka pakhomo kamalira kuti amene ali pafupi atseke, pakatha zisanu meseji imapita, pakatha khumi makina amaimba foni ndipo amabwereza mphindi zisanu zilizonse mpaka chitatsekedwa. Kuimbako ndiye kofunika, meseji siidzutsa munthu. Lamulo limene ESP32 imatumiza ku SIM800L kuti iimbe ndi lalifupi, ndipo kachizindikiro ka ; kakumapetoko kakasowa siimba:

```
ATD+265XXXXXXXXX;
ATH
```

Lachiwirilo ndi lodulira foni ikatha kulira. Mukaona nambala yake musayankhe, mayunitsi sadyeka. Ikaninso nambala ya mlonda kapena wina wogona pafupi, chifukwa ngati inu mwapita ku Blantyre kukapereka oda kulira kwa foni yanu sikutseka chitseko.

Wina wanena kuti makinawa azigwiritsa ntchito wayifayi, ine ndikuti ayi. Magetsi akathima rauta imathima nayo, bando ikatha n'chimodzimodzi. Simukhadi ndi batire basi. Koma SIM800L nayo ili ndi nkhanza zake. Imafuna magetsi a pakati pa 3.4V ndi 4.4V, ndipo poimba imakoka mpaka 2A mwadzidzidzi. Mukaidyetsa kuchokera pa kabodi kaja imazima n'kuyambiranso nthawi yomwe ikufuna kuimba, ndiye patebulo zonse zimaoneka bwino koma foni osafika. Ipatseni batire yakeyake ya 18650, mawaya aafupi onenepa. Imagwira 2G yokha, choncho yesani pamalopo ndi simukhadi ya TNM ndi ya Airtel muone yomwe ikukoka bwino. Bokosi likhale kunja, pamthunzi, chifukwa makoma a chipindacho ndi malata mbali zonse ndipo netiweki mkati imavuta.

Kuchokera tsiku la chambo lija sindikhulupiriranso swichi payokha. Onjezani kasensa koyeza kuzizira, DS18B20, ka waya wautali kosalowa madzi, ndi ka madola awiri kapena atatu. Labala wa chitseko akang'ambika swichi idzati zonse zili bwino, koma kasensako kadzaona. Musakapachike pakhomo kapena kutsogolo kwa mafani, apo ayi kazikuimbirani nthawi iliyonse makina akamasungunula ayezi wawo. Ife tinakaviika m'kabotolo ka madzi n'kukaika pa shelefu ya pakati, kuti kazisintha pang'onopang'ono ngati nsomba yeniyeniyo. Chipinda chathu chimakhala pa madigiri 0 mpaka 2, ndiye botolo likapitirira 5 kwa mphindi 20 foni imalira. Ngati chanu ndi choumitsa, madzi aundana, manambalanso ndi ena. Mukadzaona meseji ikuti -127, musathamange ndi mtima m'mwamba: ndi waya waduka kapena wamasuka, kawirikawiri makoswe.

China chimene anthu amaiwala ndi simukhadi. Ikakhala nthawi yaitali osaikamo mayunitsi imatsekedwa, ndipo makina akakhala chete inu mumayesa zili bwino. Athu amatumiza meseji 6 koloko m'mawa uliwonse yonena kuzizira ndi mphamvu ya batire. Ikapanda kubwera alamu anga amakwera njinga kukaona. Nambala yakeyo ilembetsedwe m'dzina lanu, osati la mnyamata wolumikiza, ameneyo mawa mudzamva kuti ali ku Joni.

Poyembekeza zonsezi, lero lomwe tengani tochi yowala, muiyatse muisiye mkati moloza kukhomo, mutseke, muzimitse magetsi a panja. Paliponse pamene kuwala kukutulukira m'mbali mwa chitseko, labala watha pamenepo.