Kodi judishiyo riviyu ndi apilo yomwe ija?

"Aphunzitsi, pa wailesi ndimamva mawu akuti judishiyo riviyu, tsiku lina akuti apilo, lina akuti kuunikanso. Ndi chinthu chimodzi? Nanga majaji atatu osavoteredwa angathetse bwanji lamulo la aphungu?" Wowerenga wa ku Ndirande

Ayi achimwene, si chimodzi, ndipo atolankhani akamasakaniza ine mutu umandiwawa. Apilo timaidziwa kuyambira kumudzi, mlandu ukakulakwira kwa nyakwawa umapita nawo kwa gulupu, uko nkukadandaula kuti woweruza waphonya. Pa judishiyo riviyu chimene chili pa mlandu ndi lamulo lenilenilo kapena chiganizo cha boma, khothi likufunsa kuti kodi chikugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko? Ine ndimati kuunika lamulo basi. Ka -nso kaja mu kuunikanso ndimakakayikira chifukwa kamamveka ngati khothi linaunikapo kale, koma anthu akazolowera, ndiye ndingatani.

Tengani vakabu. Mawuwa ndimawakonda, ndi Chingerezi cha atsamunda chonena za munthu woyendayenda chimene tinachitafuna mpaka kusanduka chathu, moti agogo anga ankakhulupirira kuti ndi Chinyanja chenicheni. Mu 2015 apolisi ku Blantyre anagwira venda wa majumbo mbandakucha akupita kukagulitsa malonda ake, pogwiritsa ntchito gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu. Iyeyo sanangoti ndilibe mlandu ayi, anati lamulo lomwelo ndi lolakwika. Mu Januwale 2017, pa mlandu wa Gwanda umenewu, majaji atatu anavomereza kuti limaphwanya ufulu, poti linkapatsa wapolisi mpata womanga munthu pongomuganizira, ndipo ogwidwawo ankakhala osauka.

Nyumba ya Malamulo inalisiya lamulo limeneli lili chikhalire kuyambira nthawi ya atsamunda, koma gawo 5 la malamulo aakulu likunena kuti lamulo lililonse lotsutsana nawo lilibe mphamvu pa mbali imene likutsutsanayo, ndipo gawo 108 ndi limene limapatsa khothi lalikulu udindo wounika. Ndiye ngakhale aphungu onse 193 a nthawi imeneyo akanakweza manja kuti vakabu ikhale, sizikanathandiza, kuchuluka kwa mavoti sikufufuta ufulu wa venda mmodzi.

Pamenepa ndipomwe ndimakangana ndi mawu oti kuthetsa. Anthu anamva kuti khothi lathetsa vakabu nkumaganiza kuti gawo 184 lonse lapita, chonsecho chinagwa ndi kandime kamodzi kaja. Nenani kuti lachotsa mphamvu ndime yakutiyakuti, nkotalika inde koma nkoona.

Komanso Konkoti imene mumaitchulayo, khothi loweruza nkhani za malamulo aakulu, ilibe nyumba yakeyake kuno ku Malawi ngati ya ku Joni. Ndi khothi lalikulu lomwe lija, mkulu wa majaji akatsimikiza kuti nkhani ikukhudza malamulo aakulu pamakhala majaji osachepera atatu, pa mlandu wa zisankho wa 2020 analipo asanu.