Kuika masekondale dominanti ndi 2-5-1 mu baladi ya kiyi ya F

"Akuluakulu, ine ndimaimba kiyibodi kutchalitchi kwathu ku Chilomoni, ndipo chaka chino ndayamba kuphunzira jazi. Ndili ndi baladi ya mu kiyi ya F imene ndikufuna kuikometsa ndi masekondale dominanti komanso 2-5-1, koma ndikangoziikamo zikumveka ngati ndaphonya. Mabaa asanu ndi atatu oyamba akuyenda chonchi: F, F, Gm, C7, F, F, Bb, C7. Ndiyambire pati?"

Achimwene, langizo langa ndi lakuti muyambire kumene mukupita, kenako mubwerere m'mbuyo. Sekondale dominanti ilibe ntchito ina koma kukankhira khutu ku kodi imene ikubwera, choncho munthu sayamba ndi kuganiza zoti aikepo chiyani pamalo pamene pali mpata, koma amayamba wasankha kodi imene akufuna kuti omvera aiyembekezere. Pa mabaa anuwa malo ofikira ooneka bwino ndi awiri: Gm ya mu baa yachitatu ndi Bb ya mu baa yachisanu ndi chiwiri. Onse awiri akutsogoleredwa ndi baa ya F imene yangoima osachita kanthu, ndipo mpata wanu ndi umenewo.

Tiyambe ndi Gm. Werengani masitepe asanu kuchoka pa G kupita m'mwamba, G ikhale sitepe yoyamba, mufika pa D, ndipo D7 ndiyo dominanti ya Gm. Mu kiyi ya F, kodi yomangidwa pa D imayenera kukhala maina, ndiye kuti chimene mwasintha ndi noti imodzi yokha: F yakwera kukhala F#. Popeza ndinu munthu wa kwaya, mukuidziwa kale noti imeneyi, chifukwa mu solofa ndi ija timaitcha "de", yomwe imafuna kukwera kukagwera pa "re". N'chimodzimodzi ndi F7 yopita ku Bb, imene imabweretsa Eb, ndiyo "ta", yofuna kutsikira pa "la". G7 yopita ku C7 imabweretsa "fe", ndipo A7 yopita ku Dm imabweretsa "se". Mukamaphunzira, muziiimba noti yachilendoyo ndi pakamwa musanaikhudze ndi chala, chifukwa mphamvu yonse ya kodiyo ili pa iyo.

Mukapeza dominanti, 2-5-1 ndi kungoipatsa mnzake woitsogolera. Werenganinso masitepe asanu kuchoka pa D, mufika pa A. Kuchoka pa F, mufika pa C. Baa imene inali ndi kodi imodzi tsopano ikhala ndi awiri, mabiti awiriawiri:

```
| Fmaj7 | Am7 D7b9 | Gm7    | C7     |
| Fmaj7 | Cm7 F7   | Bbmaj7 | Gm7 C7 |
```

Onani kuti dominanti yagwera pa biti yachitatu ndipo kodi yofikirayo yagwera pa biti yoyamba ya baa yotsatira. Mukatembenuza zimenezi, n'kuika D7 pa biti yoyamba ndi Gm7 pakati pa baa, khutu silimva kuti mwafika, limangomva kuti mwadutsa.

Tsopano pa nkhani ya kumveka ngati mwaphonya. Sindinaimve melodi yanu, komabe nthawi zambiri vutoli limachokera kumeneko, chifukwa kodi yolondola papepala ikhoza kulimbana ndi noti imene woimba waigwira. Mu nyimbo yothamanga mkangano wotere umadutsa anthu asanauzindikire, koma baladi yoyenda pa mabiti 60 pa mphindi imapatsa baa iliyonse masekondi 4, ndipo kodi ya mabiti awiri imakhala ikulira kwa masekondi 2 athunthu. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kuti ngakhale munthu wosadziwa nyimbo akwinye nkhope. Ndiye musanaike chilichonse, yang'anani noti yaitali ya melodi mu baa yachiwiri.

Ikakhala A kapena C, palibe chodetsa nkhawa, popeza zonse ziwiri zili mu Am7 komanso mu D7. Ikakhala E, chotsani b9, chifukwa b9 ya D7 ndi Eb, ndipo Eb ndi E zikalira pamodzi zimakhulana. Pamenepo imbani D9, imene ili ndi E mkati mwake, ndipo melodi idzamveka ngati munakonzeratu. Ikakhala F, apa m'pamene anthu ambiri amagwa. Melodi ili pa F, dzanja lanu lili pa F#, ndipo mukaika F# moyandikana ndi melodiyo, kapena pamwamba pake, zimamveka ngati chala chaterereka. Njira yake ndi kutsitsa F# kuti ikhale pansi: F#, kenako C, ndipo F ya melodi ikhale pamwamba penipeni. Imeneyo ndi D7#9, ndipo ndi yovomerezeka mu jazi, ngakhale kuti ili ndi ukali umene si baladi iliyonse imaufuna. Ngati nyimboyo ndi yofatsa kwambiri, ine ndingasiye Dm7 pa biti yachitatu, n'kudikira kuti melodi ichoke pa F, ndiyeno n'kukhudza D7 pa biti yachinayi yokha. Biti imodziyo imakwana kukankhira khutu ku Gm7.

Baa yachisanu ndi chimodzi muiyese mofanana. Melodi ikakhala pa C kapena F, Cm7 ndi F7 zilowa bwinobwino. Ikakhala pa E kwa nthawi yaitali, musalimbane nayo, isiyeni baayo ikhale Fmaj7, chifukwa makodi onse awiriwo ali ndi Eb.

Mwina mwamvapo kuti popita ku kodi ya maina munthu ayenera kuimba Am7b5, osati Am7. Chifukwa chake n'chakuti Eb, imene ili mu Am7b5 komanso mu D7b9, ndi ya mu sikelo ya G maina, ndiye imayamba kuuza khutu msanga kuti kumene tikupita n'kwa maina. Komabe mu kiyi ya F, Am7 ndi kodi ya kwawo, ndipo siidzidzimutsa aliyense. Ine ndimakonda kuimba Am7 ulendo woyamba, n'kusunga Am7b5 kuti idzabwere pamene gawolo likubwerezedwa, chifukwa mdima wakewo umamveka bwino ngati omvera anamva kale njira yowala.

Chinthu chachiwiri chimene chimaononga makodi olondola ndi kagwiridwe. Ife amene tinakulira pa kiyibodi ya kutchalitchi tinazolowera kugwira kodi yonse ndi dzanja lamanzere, manoti anayi atathithikana, n'kumalumpha nawo kuchoka pa kodi ina kupita pa ina. Mukatero 2-5-1 siimveka ngati njira imodzi, imamveka ngati zidutswa zitatu. Chimene chimalumikiza makodiwa ndi manoti awiri okha a kodi iliyonse, yachitatu ndi yachisanu ndi chiwiri, zomwe oimba timangoti thedi ndi seveni. Poyeserera, dzanja lamanzere ligwire besi yokha, lamanja ligwire manoti awiriwa pafupi ndi C yapakati, ndipo melodi muiimbe ndi pakamwa:

```
Am7  C-G    D7  C-F#   Gm7  Bb-F   C7      Bb-E
Fmaj7 A-E   Cm7 Bb-Eb  F7   A-Eb   Bbmaj7  A-D
```

Tsatirani chala chapamwamba kuchoka pa Am7: G, F#, F, E. Chikutsika semitoni imodziimodzi, ndipo chapansi chikungosuntha pamene pakufunika. Mudzaonanso kuti F#, imene ndanena kuti imafuna kukwera ku G, pano yatsikira ku F, yomwe ndi seveni ya Gm7. Zimenezi si kulakwitsa, ndi mmene jazi imayendera kawirikawiri, popeza G ija besi yaitenga kale. Kuchoka pa Fmaj7 kupita pa Cm7, zala ziwirizi zimayandikirana ndi semitoni imodzi chilichonse, A kukwera ku Bb ndi E kutsikira ku Eb, ndipo kamphindi kameneko ndiye kokoma kuposa pena paliponse m'mabaa asanu ndi atatuwa, ndiye musakathamangire. Zimenezi zikakhazikika m'zala, mukhoza kugawa ntchito: lamanzere litenge besi ndi imodzi mwa manoti awiriwo, lamanja litenge inayo ndi chala chachikulu, melodi ikhale pa zala zakunja. Noti ngati b9 ibwere pomalizira penipeni, ndipo ikhale pakati, osati pansi. Manoti oyandikana akatsika kupitirira C imene ili okutevu imodzi pansi pa C yapakati amayamba kuchita phokoso losamveka bwino, makamaka pa masipika akuluakulu a m'matchalitchi athu. Tsiku limene mukuimba ndi woimba besi, musiyireni noti yapansiyo, dzanja lanu lamanzere ligwire thedi ndi seveni.

Pedulo nayo imanamizira makodi milandu imene sanapalamule. Mukaiponda pa D7 n'kusaitula bwino pofika pa Gm7, F# imatsalira m'mwamba n'kumalimbana ndi F yatsopano, ndipo inu mumaganiza kuti kodiyo ndi yolakwika pamene cholakwa ndi phazi. Phazi lizikwera pa nthawi imene zala zikutsika pa kodi yatsopano, n'kupondanso kodiyo italira kale. Ngati pa kiyibodi yanu mumaphatikiza piyano ndi masitiringi, monga timachitira pa nyimbo zopembedza, azimitseni kaye masitiringiwo poyeserera, chifukwa mawu ake sazilala msanga ndipo amakokera noti yakale mu kodi yatsopano ngakhale phazi litachita bwino. Kuti mudziwe chimene chikuvuta, imbani baa yachiwiri ndi yachitatu popanda pedulo n'komwe. Zikamveka bwino, konzani phazi; zikamvekabe mokhulana, bwererani ku melodi.

G7 m'malo mwa Gm7 ya mu baa yachitatu ndi yotheka, ndipo ambiri amaimba G7 mabiti anayi, kenako Gm7 ndi C7 mu baa yachinayi, kuti B itsikire ku Bb. Ingoonetsetsani kuti melodi siili pa Bb. Koma ine sindingakulangizeni kuti muziike zonsezi nthawi imodzi. Mukalumikiza ma 2-5 atatu kapena anayi popanda kupumira pa kodi ya kwawo, woimba amene mukumuperekeza amataya "do", ndipo mudzamumva akuyamba mzere wotsatira mokayikakayika. Mayeso ake ndi osavuta: mukafika pa Gm7 kapena pa Bbmaj7, imani, muyese kuimba F ndi pakamwa osakhudza kiyibodi. Ngati ikubwera yokha, ndiye kuti mwangocheza kwa anansi ndipo kiyi idakali F; ngati mukuisakasaka, chotsani 2-5 imodzi.

Pa sabata yoyamba sinthani baa yachiwiri yokha, mujambule pa foni mukuimba pa mabiti 60, ndipo pomvetsera muzitsatira chala chapamwamba chija, G, F#, F, E, kuti muone ngati noti iliyonse ikumveka payokha. Mukatero mutitumizire manoti a melodi a mu baa yachiwiri ndi yachisanu ndi chimodzi, kuti tione ngati D7b9 ikukwanira kapena pakufunika D9.